Wogunda kumbuyo salipira yekha nthawi zonse

Galimoto ikagunda inzake kumbuyo, mlandu umatha msanga pamsewu. Apolisi asanafike n'komwe, makondakitala, oitanira ndi amayi ogulitsa tomato amakhala atagamula kale: wogunda kumbuyo ndiye wolakwa, alipire basi.

Nthawi zambiri chigamulo chapamsewuchi chimakhala choona. Koma bwalo la milandu silithera pomwepo. Limafunsanso zimene wakutsogoloyo anachita, ndipo likapeza kuti nayenso sanasamale, limawagawira mlanduwo onse awiri. Kugawa kumeneku ndi kumene kumauza munthu ndalama zomwe alandire kapena kulipira.

Maziko ake ndi udindo umene dalaivala aliyense ali nawo. Pa mlandu wa Banda ndi anzake wozenga ADMARC, womwe uli m'mabuku a zigamulo za 1990, khoti lalikulu la dziko lino linafotokoza kuti dalaivala ayenera kusamala monga angachitire dalaivala wodziwa ntchito yake: asathamange mopyola muyeso, aziyang'anitsitsa pamsewu, ndipo azitsatira zikwangwani ndi zizindikiro.

Wotsatira mnzake ndiye amaona zonse zakutsogolo, ndipo ndi iye amasankha kutalika kwa mpata wapakati pawo. N'chifukwa chake akagunda, amayamba ndi iye kufunsidwa. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi yokha. Ngati mwasiya mpata wa mamita 10, mnzanuyo akaima mwadzidzidzi mumakhala mutafika pa bampala yake phazi lisanaponde bwino buleki. Aphunzitsi a zoyendetsa galimoto amalangiza mpata wa masekondi awiri, omwe ndi mamita oposa 30 pa liwiro limeneli, ndipo kukagwa mvula mpatawo ukhale kawiri.

Choncho mawu oti "anaima mwadzidzidzi" paokha sapulumutsa munthu. Ngati wakutsogoloyo anaima chifukwa mwana kapena mbuzi inalowa mumsewu, iye anachita zoyenera, ndipo wakumbuyo anayenera kuyembekezera zoterozo, makamaka pamalo a malonda.

Zimasintha pamene wakutsogolo wachita chinthu chomwe dalaivala wosamala sangachite. Mwina anadutsa galimoto n'kulowa pafupi kwambiri kenako n'kumanga mabuleki. Mwina anabwerera chambuyo pachitunda, kapena thiraki yake inafera mumsewu usiku popanda nyali ngakhale chizindikiro chochenjeza. Pamenepo mlandu umagawidwa, ndipo nthawi zina wonse umagwera wakutsogoloyo.

Tiyeni tiyerekeze ndi nkhani yongopeka, ndalama zakenso zongoyerekeza. Ndi tsiku la msika pa Lizulu, mumsewu wa M1. Minibasi ili kutsogolo, pikapu yodzaza matumba a mbatatesi ikutsatira pafupi. Kondakitala waona munthu akubayitsa, wamenya chitseko, ndipo dalaivala waima pakati pa msewu osapatukira pambali. Indiketa sanayatse, nyali za mabuleki zinafa kalekale. Pikapu yagunda. Kukonza kumbuyo kwa minibasi kukufuna K1,000,000, pomwe pikapu, yomwe yaphwanyika rediyeta, nyali ndi boneti, ikufuna K3,000,000.

Woweruza amayang'ana zinthu ziwiri kwa aliyense: kulakwa kwake kunali kwakukulu bwanji, ndipo kunathandizira motani kuti ngozi ichitike. Wa pikapu anali pafupi kwambiri, ndi katundu wolemera amene amachedwetsa galimoto kuima, pamalo podzaza anthu pomwe aliyense amadziwa kuti maminibasi amaimaima. Wa minibasi anaima polakwika popanda chifukwa changozi, komanso anamumana mnzakeyo chenjezo lomwe nyali zofiira zimapereka. Palibe sikelo yolembedwa yoyezera zimenezi. Woweruza amaganizira umboni ndi kugawa monga akuonera kuti ndi chilungamo. Tinene kuti wagamula kuti wa pikapu walakwa magawo 70 pa 100, wa minibasi magawo 30.

Apa mpamene ambiri amadabwa. Aliyense amalipira gawo lake la zimene mnzake wataya. Mwini minibasi salandira K1,000,000 yonse. Amachotseredwa magawo 30 a kulakwa kwa dalaivala wake, n'kulandira K700,000. Mwini pikapu nayenso ali ndi ufulu wodandaula, ndipo amalandira magawo 30 a K3,000,000, yomwe ndi K900,000. Mukaphatikiza ndi kuchotsera, mbali ya minibasi, yomwe inalakwa pang'ono, ndiyo ikupereka K200,000 yapamwamba. Izi sizitanthauza kuti wa pikapu wapambana: K2,100,000 yotsala pa galimoto yake ndi mutu wake. Koma zikuonetsa kuti babu ya buleki yosasinthidwa ikhoza kudya ndalama zochuluka. Ndipo ngati dalaivalayo ndi wolembedwa ntchito ndipo anali pantchito, bwana wake amayankha nawo mlanduwo.

Nanga wokwera minibasi amene wavulala? Iye sanayendetse galimoto iliyonse, kotero kugawana kwa madalaivala sikumuchepetsera chipukuta misozi. Akhoza kusumira mmodzi kapena onse awiri, ndipo iwo ndi amene amakagawana ngongoleyo. Chake chimadulidwa pokhapokha ngati iye mwini sanadzisamale. Chitsanzo chodziwika ndi lamba. Pa mlandu wa Froom ndi Butcher ku Mangalande mu 1975, khoti linati wosamanga lamba adulidwe magawo 25 pa 100 ngati lambayo akanamuteteza kotheratu, kapena magawo 15 ngati akanangochepetsa kuvulala. Zigamulo za kumeneko sizimanga makhoti athu, koma maloya amazitchula ndipo oweruza amatha kuzitsatira.

Zonsezi zimadalira umboni, ndipo umboni wa ngozi suchedwa kufufutika. Mizere ya matayala pa tala imasonyeza pamene wakumbuyo anayambira kumanga mabuleki. Magalasi osweka amasonyeza pamene galimoto zinakumanirana, kaya pakati pa msewu kapena m'mbali. Jambulani zonsezi pafoni galimoto zisanasunthidwe, pemphani wapolisi kuti aone ngati nyali za mabuleki zikuyaka, ndipo lembani mayina ndi manambala a mboni zomwe sizinakwere galimoto zonse ziwiri.

Zikagundana galimoto zitatu, funso limakhala lakuti wapakatiyo anagunda yekha kapena anachita kukankhidwa. Wakutsogolo akanena kuti anamva kugunda kawiri, kawirikawiri zimasonyeza kuti wapakati anayamba wagunda, wachitatu n'kudzawonjezera. Akamva kamodzi, n'kutheka kuti wapakati anali ataima bwinobwino.

Dziwaninso kuti milandu ilipo iwiri. Chindapusa cholipira kuboma kamba koyendetsa mosasamala sichikonza galimoto ya munthu. Za chipukuta misozi ndi mlandu wina, ndipo lipoti la apolisi, ngakhale a inshulansi amalifuna, si chigamulo cha khoti. Lamulo la zapamsewu la 1997 limakakamiza galimoto kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ena, koma inshulansi imeneyi sikonza galimoto yanu, ndipo ili ndi malire. Zopitirira pamenepo zimachoka m'thumba mwanu. Musafulumire kusayina kapepala kovomera zonse chifukwa gulu lakuzingani.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma wa ngozi umaola: wovulala ali ndi zaka 3 zoti akasume, ndipo akazengereza kupitirira apo akhoza kupeza chitseko cha khoti chili chotseka, ngakhale wogunda kumbuyoyo atalakwa magawo onse 100.