Mafunso Amene Kompyuta Imayankha ndi Amene Imangodikiritsa

M'maphunziro a sayansi ya makompyuta, chilankhulo ndi gulu la mizere ya zizindikiro imene yasankhidwa motsatira lamulo linalake. Manambala onse ogawika ndi 2 ndi chilankhulo: mzere wa 148 ulimo, wa 37 mulibe. Funso la akatswiri ndi lakuti, makina akapatsidwa mzere uliwonse, angathe kudziwa ngati uli m'gulumo? Makina ake ndi aja anawafotokoza Alan Turing mu 1936, amene amagwira ntchito sitepe imodzi pa nthawi, ndipo malo olembapo sawathera.

Makina otere akapatsidwa mzere amachita chimodzi mwa zinthu zitatu: amavomera, amakana, kapena amangogwirabe ntchito mpaka kalekale osaima. Kusiyana konse kwagona pa chachitatuchi. Chilankhulo chimatchedwa chogamulika ngati pali makina amene amaima pa mzere uliwonse, kuvomera uli m'gulumo ndi kukana umene mulibe. Chimatchedwa chozindikirika ngati pali makina amene amavomera mzere uliwonse wa m'gulumo, osavomera wakunja ngakhale umodzi, koma pa wakunjawo amaloledwa kukana kapena kusaima konse. Choncho chogamulika chilichonse ndi chozindikirika, koma si chozindikirika chilichonse chimene chili chogamulika.

Chitsanzo chodziwika chinachokera kwa David Hilbert, amene mu 1900 anafunsa njira yodziwira ngati samu yochulukitsa ndi kuphatikiza, monga x² + y² = 25, ili ndi yankho la manambala athunthu. Makina angathe kuyesa manambala motsatana, kuyambira ang'onoang'ono, osadumpha ndi limodzi lomwe. Pa samu iyi posakhalitsa apeza kuti x = 3 ndi y = 4 zikukwana, chifukwa 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo avomera. Koma akapatsidwa x² + y² = 3, imene ilibe yankho, ayesa usana ndi usiku osafika pamapeto. Wodikira sangadziwe ngati yankho lili pafupi kapena kulibe. Samu imodzi ngati imeneyi munthu angaithetse ndi nzeru zina, koma mu 1970 Yuri Matiyasevich anamaliza umboni wakuti palibe njira imodzi yogamula masamu onse amtunduwu. Gulu la masamu okhala ndi yankho ndi lozindikirika, koma si logamulika.

Chilankhulo chilichonse chili ndi chotsala chake, kutanthauza mizere yonse imene siili m'gulumo. Mfundo imene imadziwika ndi dzina la Emil Post, amene analemba za nkhaniyi mu 1944, imati chilankhulo chikakhala chozindikirika, chotsala chakenso n'kukhala chozindikirika, ndiye kuti chilankhulocho ndi chogamulika.

Umboni wake umayenda motere. Pali makina M1 ozindikira chilankhulocho ndi makina M2 ozindikira chotsala chake. Mzere uliwonse uli mbali imodzi yokha, m'kati kapena kunja. Motero pa makina awiriwa, amodzi adzavomera ndithu pakapita masitepe owerengeka, ndipo enawo sadzavomera. Chofunika ndi kupanga makina achitatu oyendetsa onse awiri.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. Amayendetsa M1 kaye kuti akamaliza ayambe M2. Koma mzere ukakhala wakunja, M1 akhoza kusaima, ndipo M2 sadzapatsidwa mpata. Njira yolondola ndi yolandizana, monga amayi awiri osinja mumtondo umodzi: sitepe imodzi ya M1, imodzi ya M2, kenako kubwerera kwa M1. M1 akavomera, makina achitatu amavomera. M2 akavomera, amakana. Ngati mzere wina uli wakunja ndipo M2 amauvomera pa sitepe ya 40, makina achitatu adzaukana atayendetsa masitepe osapitirira 80, ngakhale M1 akanazungulira kwamuyaya. Umboniwu sulonjeza liwiro. Umangotsimikiza kuti kudikirako kudzatha.

Mfundoyi imagwiranso mobwerera. Makina ogamula akasinthidwa kuti azivomera pamene amakana ndi kukana pamene amavomera, amagamula chotsala, choncho mbali zonse ziwiri ndi zozindikirika. Kusinthanitsaku sikuthandiza pa makina ongozindikira, chifukwa kusaima kumakhalabe kusaima.

Zotsatira zake zimaoneka pa funso la Hilbert. Masamu okhala ndi yankho ndi ozindikirika. Masamu opanda yankho akanakhalanso ozindikirika, kulandizana kuja kukanagamula onse, zimene Matiyasevich anatsimikiza kuti sizingatheke. Choncho palibe makina, ngakhale atapatsidwa nthawi yopanda malire, amene angatsimikize samu iliyonse yopanda yankho kuti ilibedi yankho.