Yambani ndi pepala musanagule za pabalaza

Disembala akafika, akalipentala a m'mbali mwa misewu amayala masofa panja, ndipo mtima umafuna kuti alendo a pa Khirisimasi adzapeze pabalaza pasintha. Vuto ndi loti sofa akakhala pabwalo amaoneka wamng'ono. Kukula kwake kumadziwika atalowa m'nyumba, ndalama ya ngolo mutalipira kale, ndipo kalipentala sabweza ndalama chifukwa choti chipinda chanu chachepa.

Choncho yambani mwabwereka tepi ya mmisiri, mung'ambenso tsamba la m'kope la masamu, lija la timabokosi. Kabokosi kamodzi kaimire masentimita 20. Tinene kuti pabalaza panu ndi mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi: papepala mujambula timabokosi 20 mbali ina, 15 mbali inayo. Lembaninso pomwe pali zenera ndi soketi ya magetsi. Chitseko cha masentimita 80 chimadya timabokosi 4, ndipo jambulani uta wosonyeza pomwe chimazungulira potsegula, chifukwa pamenepo sipayenera kukhala kanthu.

Mipando musaijambule patsamba lomweli. Iduleni papepala lina kuti muzitha kuisuntha ndi chala. Sofa wa anthu atatu wa masentimita 200 m'litali ndi 90 m'lifupi akhala kapepala ka timabokosi 10 m'litali, 4 ndi theka m'lifupi. Muikeni kukhoma lalitali, komwe chitseko chimatsamira mukachitsegula. Pa masentimita 400 aja, chitseko chatenga 80, sofa 200, ndipo atsala 120. Apa ndi pomwe pepala limanena chilungamo. Mpando wa munthu mmodzi umafuna 90, mtengo wa Khirisimasi pafupifupi 80. Chimodzi chokha ndicho chilowe pakonapo. Ngati mwasankha mtengo, onani kuti soketi ili pafupi, kuti waya wa timagetsi usadutse pomwe ana amathamanga.

Tsono yang'anani m'lifupi. Pa masentimita 300, chotsani 90 a sofa, 40 a miyendo ya okhala, 60 a tebulo ndi 40 a kabati ya wailesi yakanema. Njira yatsala ya 70, yokwana munthu wonyamula mbale za mpunga. Ikachepera 60, alendo aziyenda chammbali, ndipo ine ndingasankhe tebulo laling'ono m'malo mopanikiza njira.

Pepala lili ndi malire ake: silionetsa msinkhu wa zinthu. Kabati ikhoza kukwana pansi koma n'kutseka theka la zenera. Sofa naye akhoza kukwana pabalaza koma n'kukanika pakhomo, choncho yezani mpata weniweni wa khomo, muyezenso msinkhu wa sofa, poti amalowa atapendekedwa.

Mukakhutira, lembani malire a mipandoyo pasimenti ndi choko, muyendemo tsiku lonse. Popita kwa kalipentala tengani pepala lanu ndi tepi, muyeze nokha musanapereke ndalama.