Mapaipi awiri, thanki imodzi: yankho si maola 9

Funsoli limabwerabwera m'mabuku a masamu a ku sekondale. Paipi yaikulu imadzaza thanki pa maola 3, yaing'ono imadzaza thanki yomweyo pa maola 6. Mutatsegula onse awiri nthawi imodzi, thankiyo ingadzaze pakatha maola angati?

Ophunzira ena amangophatikiza 3 ndi 6 n'kulemba kuti maola 9. Ena ochenjera pang'ono amagawa 9 uja pawiri, amvekere maola anayi ndi theka. Onsewa aphonya, ndipo umboni wake sufuna cholembera. Paipi yaikulu payokha imamaliza pa maola 3. Ndiye ikapeza mnzake woithandiza ichedwenso bwanji? Yankho liyenera kuchepera maola 3. Komabe silingafike pa ola ndi theka, chifukwa imeneyo ikanakhala nthawi yake mapaipi onse akanakhala aakulu.

Chophatikiza si maola ayi, koma madzi amene paipi iliyonse imathira pa ola limodzi. Tiyerekeze kuti thankiyo ndi ya malita 6,000. Paipi yaikulu imathira malita 2,000 pa ola, yaing'ono malita 1,000. Pamodzi akuthira 3,000 pa ola, choncho maola awiri thanki yadzaza.

Malitawo ndangowasankha ine kuti agawike bwino. Mukanena 12,000 yankho likhalabe maola awiri, bola nthawi za mapaipi zikhale zomwe zija. N'chifukwa chake a masamu sadandaula za kukula kwa thanki. Amangoitenga ngati chinthu chimodzi chathunthu, paipi yaikulu n'kukhala ikudzaza 1/3 ya thanki pa ola, yaing'ono 1/6. Nthawi imene tikufuna tikaitcha t, mapaipi onse pamodzi akudzaza 1/t pa ola:

1/3 + 1/6 = 1/t

Kumanzereko kukutuluka 3/6, amene ndi 1/2. Apanso ena amapunthwa, kulemba kuti theka la ola. 1/2 ameneyu si nthawi, ndi theka la thanki pa ola, ndipo kuti matheka awiri akwane pafunika maola awiri.

Samu yake imakoma funso likatembenuzidwa. Mapaipi awiri pamodzi amadzaza thanki pa maola 4. Yaing'ono ikakhala yokha imachedwa ndi maola 6 kuposa yaikulu. Iliyonse payokha imatenga maola angati? Apa njira ya malita ija siithandiza kwenikweni, chifukwa palibe paipi imene tikudziwa nthawi yake. Tinene kuti yaikulu imatenga maola x, ndiye kuti yaing'ono imatenga x + 6:

1/x + 1/(x + 6) = 1/4

Chosadziwika chakhala pansi pa mzere, ndipo ntchito yoyamba n'kuchichotsako. Chulukitsani chigawo chilichonse ndi 4x(x + 6), osadumpha ngakhale chimodzi, makamaka chakumanja chimene ambiri amachiiwala:

4(x + 6) + 4x = x(x + 6)

Mukamasula mabulaketi mupeza 8x + 24 = x² + 6x. Mukasamutsira zonse mbali imodzi zitsala x² − 2x − 24 = 0. Tsopano funani manambala awiri amene mukawachulukitsa apereka −24, mukawaphatikiza apereka −2. Ndi −6 ndi 4, choncho (x − 6)(x + 4) = 0, ndipo x ndi 6 kapena −4.

Papepala −4 alibe mlandu, mutamubwezera m'samu ija zigwirizana ndithu. Koma kulibe paipi yodzaza thanki pa maola ochepera ziro, ndiye timutaya. Yaikulu imatenga maola 6, yaing'ono 12. Yesani: 1/6 ndi 2/12, kuphatikiza 1/12 ndi 3/12, amene ndi 1/4.

Samuyi si yadzana. Buku lakale la masamu la ku China lotchedwa Jiuzhang Suanshu, la zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, lili ndi funso la ngalande zisanu zothira m'dziwe limodzi.

Amene anaimikapo thanki pakhomo ali ndi chifukwa chokayikira. Samu imaganiza kuti paipi iliyonse imathira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, komanso kuti siisintha inzake ikatsegulidwa. Ngati mapaipi onse achoka pa paipi imodzi ya madzi olowa pakhomo, kutsegula yachiwiri kumafooketsa yoyamba, monga zimachitikira wina akatsegula mpope wapanja inu muli m'bafa. Thanki yoyenera kudzaza pa maola awiri idzapitirira pamenepo. Ikakhala kuti ikudontha, kudonthako kumalowa m'samu ngati paipi yachitatu, koma yochotsera: bowo lotha kukhuthula thanki yonse pa maola 12 lisandutsa samu yoyamba ija kukhala 1/3 + 1/6 − 1/12 = 5/12, ndipo thanki idzadzaza pa maola awiri ndi mphindi 24. Apanso tangoyerekeza, pakuti bowo lapansi limadontha mwamphamvu madzi akachuluka m'thanki, n'kumafooka akamatsika.