Bandulo ya usiku: imagwira maola ati, nanga siilipira chiyani?

Bandulo ya usiku imakopa chifukwa ndalama zochepa zimabweretsa deta yambiri. Komatu chimene mukugula kwenikweni ndi deta yomangidwa ku maola owerengeka. Maolawo akatha, foni siisiya kugwira ntchito, imangoyamba kudya kwina.

N'chifukwa chiyani imatsika mtengo?

Nsanja imodzi ya netiweki imagawa mphamvu zake kwa onse amene alumikizidwa nayo pa nthawi imeneyo. Masana ndi madzulo anthu amathithikana, koma pakati pa usiku ambiri amakhala atagona ndipo nsanjayo imatsala ndi malo. Makampani a mafoni amagulitsa malo amenewo motchipa kuti asangopita pachabe. N'chifukwa chake bandulo yotere siiyamba dzuwa likangolowa. Nthawi ya 7 kapena 8 koloko madzulo, anthu ataweruka ku ntchito, ndi pamene netiweki imadzaza kwambiri.

Usiku wake ndi uti?

Mabandulo ambiri a usiku amayamba pakati pa 10 ndi 12 koloko usiku n'kutha cha m'ma 5 kapena 6 koloko m'mawa. Kampani iliyonse imaika maola ake ndipo imawasintha, choncho kaya muli pa Airtel kapena TNM, werengani maola amene alembedwa pogula komanso mu uthenga wotsimikiza. Imene imawerengedwa ndi wotchi ya kampani, osati yanu.

Onaninso tsiku lothera. Ngati bandulo ndi ya usiku umodzi, yoyamba 11 koloko n'kutha 5 koloko, wogula 9 koloko madzulo ali ndi maola 6 athunthu. Wogula 3 koloko mbandakucha akhoza kukhala ndi maola awiri okha pa mtengo womwewo. Deta yotsala nthawi zambiri imapsa.

Zimene siilipira

Kuimba foni mwa nthawi zonse ndi kutumiza SMS sikudutsa mu deta, kotero kumadya mayunitsi ngakhale pakati pa usiku. Kuimba pa WhatsApp ndiye kumalowa mu bandulo, bola zichitike mkati mwa maola ake. Mukawoloka malire kupita ku Chipata kapena ku Tete, foni n'kugwira netiweki ya kumeneko, bandulo wamba ya kwanu siigwira ndipo mitengo yake ndi ina.

Chachikulu n'chakuti siilipira chilichonse chodutsa nthawi isanakwane kapena itapitirira. Fayilo imene munayamba kudawuniloda usiku siiwerengedwa yonse ngati ya usiku. Gawo lotsala likamalowa kutacha, limadya bandulo ya masana, ndipo ngati mulibe, likhoza kudya mayunitsi pa mtengo wokwera kwambiri.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze wophunzira akufuna mavidiyo a maphunziro okwana 2GB, ndipo bandulo yake imatha 5 koloko m'mawa. 2GB ndi pafupifupi 2,000MB. Liwiro la netiweki limalembedwa mu Mbps, ndipo 8 Mbps ndiye imatsitsa 1MB pa sekondi.

Netiweki ikamathamanga 4 Mbps, theka la MB limalowa pa sekondi iliyonse, ndipo ntchito yonse imatenga masekondi 4,000, kutanthauza ola limodzi ndi mphindi 7. Koma komwe netiweki ndi yofooka, ikumayenda 1 Mbps, ntchito yomweyo imafuna pafupifupi maola anayi ndi theka. Wophunzirayo akayamba 2 koloko n'kukagona, pofika 5 koloko zimakhala zalowa 1,350MB zokha. Zotsalazo, 650MB, zidzadulidwa pa deta ya masana kapena pa mayunitsi iye ali m'tulo, pamene bandulo ya usiku ikupsa ndi deta yosagwiritsidwa ntchito. Akanayamba 11 koloko, zonse zikanatha cha m'ma hafu pasiti 3.

Mungadziwe bwanji kumene foni ikudya?

Nthawi yoyambira ikakwana, zimitsani deta n'kuyatsanso kuti kulumikizana kuyambe mwatsopano. Onani balansi ya mabandulo onse ndi mayunitsi, dawunilodani kanthu kakang'ono, dikirani mphindi zingapo, muonenso. Ngati yatsika ndi bandulo ya usiku, pitirizani. Ngati yatsika ya masana, imani kaye mufunse kampani mabandulo anu akudyedwa motsatana bwanji.

Kumapetonso tcherani alamu mphindi 10 nthawi isanathe, muimitse zimene zikudawunilodedwa, muzimitse deta. Ngati munagawira ena intaneti pa hotisipoti, muitsekenso, chifukwa foni kapena laputopu yolumikizidwa imaiona ngati Wi-Fi ndipo ikhoza kuyamba yokha kukonzanso mapulogalamu ake ndi kukweza zithunzi. Musanagule, yerekezani kukula kwa fayilo ndi liwiro la netiweki kwanuko. Ngati ntchitoyo siingathe mkati mwa maola otsala, igaweni mausiku awiri.