Mtundu wofiira umene umaulula shuga wa m'magazi

Dokotala akapereka kwa wodwala kapepala kolembedwa kuti shuga wake ndi 130, ambiri amayesa kuti makina a m'labotale anaona shugayo ndi kumuwerenga. Koma shuga wosungunuka m'magazi, amene akatswiri amamutcha gulukosi, alibe mtundu woti diso kapena makina amuone, ndipo chimene makinawo amayeza ndi kuwala kwa nyali basi. Kuti kuwalako kusanduke nambala imene dokotala adzaweruzire nayo matenda a munthu, pali njira imene inalongosoledwa m'chaka cha 1969 ndi Trinder, katswiri wa pachipatala cha ku Sunderland m'dziko la Mangalande, ndipo kufikira lero mabotolo a mankhwala ake amalembedwa `GOD-POD`.

Magazi akaundana, amawazunguza m'makina kuti maselo akhale pansi, ndipo pamwamba pamatsala madzi achikasu otchedwa seramu. Katswiri amatapa mamaikulolita 10 okha a seramuyo, omwe sakwana ngakhale dontho limodzi, nawathira mu mililita imodzi ya mankhwala momwe muli maenzaimu awiri. Woyamba, gulukosi okisidezi, amene amatengedwa ku mtundu wina wa nkhungu, amagwira gulukosi nalekerera mitundu ina ya shuga, ndipo pomuphatikiza ndi mpweya wa okosijeni amabala haidirojeni perokisaidi, kachigawo kamodzi pa kachigawo kalikonse ka gulukosi. Wachiwiri, perokisidezi, amatenga perokisaidiyo nalumikiza nayo mankhwala awiri opanda mtundu, fenolo ndi aminoantipairini, kuti asanduke utoto wofiirira. Motero shuga akachuluka utoto umachulukanso mwa muyeso womwewo. Zonsezi zimafuna mphindi ngati 10 pa kutentha kwa madigiri 37, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: wowerenga nthawi isanakwane adzapeza utoto usanakhwime.

Pamenepo madziwo amalowa m'fotomita, momwe nyali imatumiza kuwala kobiriwira kwa mananomita 505, pakuti ndiko kumene utoto wofiira umameza koposa. Monga tiyi m'tambula amabisa kuwala kwa pazenera masamba akachuluka, chomwechonso utotowo umameza kuwala, ndipo makina amayeza kumene kwatsala kutsidya. Kuwala kotsalako sikutsika mofanana ndi kukwera kwa utoto, chifukwa chake makina amakusandutsa mwa masamu kukhala nambala yotchedwa abusobansi, yolembedwa `A` kapena `Abs`. Kuwala konse kukadutsa, `A` ndi 0. Kukadutsa gawo limodzi mwa magawo 10, ndi 1. Kukadutsa gawo limodzi mwa 100, ndi 2. Ubwino wa nambala imeneyi, monga mwa lamulo lodziwika ndi maina a Lambert ndi Beer, amene analemba za izi m'zaka za 1760 ndi 1852, ndi wakuti utoto ukawirikiza kawiri nayonso imawirikiza kawiri, malinga ngati kabotolo koyezeramo kali ka kukula komweko, komwe nthawi zambiri ndi sentimita imodzi.

Komabe abusobansi payokha sinena kuti shuga ndi wochuluka bwanji, ndipo n'chifukwa chake katswiri amakonza machubu atatu. Yoyamba, bulanki, ili ndi mankhwala okha opanda seramu, ndipo ndiyo imaikira makina pa 0, kuti mtundu wa mankhwalawo usawerengedwe ngati shuga wa wodwala. Yachiwiri ili ndi sitandadi, ndiwo madzi a shuga wodziwika bwino muyeso wake, kawirikawiri mamiligalamu 100 pa desilita. Yachitatu ndi ya wodwala. Kuwerengera kwake n'kotere:

```
C(wodwala) = A(wodwala) / A(sitandadi) × C(sitandadi)
```

Tiyerekeze kuti mayi wina anagona osadya nabwera m'mamawa kudzapereka magazi. Sitandadi yapereka 0.320, ndipo seramu ya mayiyo yapereka 0.416. Tikagawa 0.416 ndi 0.320 tipeza 1.3, ndiko kunena kuti utoto wa mayiyo waposa wa sitandadi ndi magawo atatu mwa khumi. Tikachulukitsa ndi 100 tipeza 130 mg/dL, ndipo pogawa ndi 18 tipeza 7.2 mmol/L. Popeza Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linaika malire a matenda a shuga pa 126 mg/dL, kapena 7.0 mmol/L, kwa munthu amene sanadye, dokotala adzawaitananso mayiwa tsiku lina kuti atsimikize.

Taonani tsono chimene chingachitike ngati botolo la sitandadi lakhala losatsekedwa bwino m'nyengo yotentha, madzi ena nauluka, kotero kuti shuga wake wafika pa 110 pamene chizindikiro cha pabotolo chikunenabe 100. Sitandadi yotereyi idzapereka 0.352, ndipo 0.416 ya mayi uja, yomwe sinasinthe konse, idzatuluka ngati 118. Makina sadzalira, masamu adzakhala olondola, koma mayiyo adzapita kwawo atauzidwa kuti sanafike pa malire, ndipo onse amene anayezedwa tsiku limenelo adzapatsidwa nambala zotsika. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu ya njira imeneyi, pakuti muyeso wonyenga umanyenga onse mofanana, ndipo palibe nambala imodzi imene imaoneka yachilendo pakati pa zinzake. Chouwulula ndi seramu ya kontirolo, yomwe shuga wake ndi wodziwika kale, imene imayezedwa pamodzi ndi ya odwala. Ikatuluka kunja kwa malire ake olembedwa, zotsatira zonse ziyenera kuimitsidwa kufikira cholakwa chitapezeka.

Lamulo la kuwirikiza lija lili ndi polekezera. Shuga akapitirira 400 kapena 500 mg/dL, monga mwa malangizo a amene anapanga mankhwala, okosijeni wa m'chubu amayamba kuperewera, utoto umaleka kukwera mofanana ndi shuga, ndiponso kuwala kofika kutsidya kumachepa kwambiri kotero kuti makina sakuyeza bwino. Wodwala amene seramu yake yapereka 1.900 angalembedwe 594, koma katswiri wochenjera amasakaniza gawo limodzi la seramu ndi magawo awiri a madzi a mchere a kuchipatala nayezanso. Akapeza 0.750, ndiye kuti 234.4, ndipo pochulukitsa ndi 3 shuga weniweni ndi 703.

Zina zimalakwika magazi asanafike n'komwe pa makina. Maselo amapitiriza kudya shuga ali m'chubu, magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse pa ora, ndiye magazi ochedwa kulekanitsidwa amaonetsa shuga wotsika. Chubu cha chivindikiro chotuwa, chokhala ndi fuloraidi, chimachepetsa vutoli, ngakhale mphamvu yake imachedwa kuyamba. Vitamini C wambiri m'magazi amalanda perokisaidi asanabale utoto, nayenso natsitsa nambala. Seramu yofiira chifukwa cha maselo osweka, kapena yoyera chifukwa cha mafuta, imameza kapena kumwaza kuwala mwa iyo yokha, ndipo diso la katswiri liyenera kuiona isanalowe m'makina.

Inu amene mukupita kukayezetsa, musadye kanthu kwa maola osachepera 8 ngati mwauzidwa kutero, muuzeni dokotala za mavitamini ndi mankhwala amene mukumwa, ndipo nambala yanu ikagwera pafupi ndi 126, musakane kubweranso kudzayezetsa kachiwiri.