Kuchepetsa vidiyo popanda kuwononga chithunzi

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatana mofulumira, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse, ndipo chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tamitundu totchedwa mapikiselo. Kuchuluka kwa timadonthoti ndiko kumatchedwa rezolushoni. Vidiyo ya 720p imakhala ndi mapikiselo 1280 mulitali ndi 720 mulifupi, onse pamodzi 921,600. Ya 1080p imakhala ndi 1920 mulitali ndi 1080 mulifupi, omwe amapitirira pang'ono 2 miliyoni, pomwe ya 4K ili ndi mapikiselo ochuluka kanayi kuposa a 1080p.

Komabe kukula kwa fayilo sikuchokera mwachindunji ku rezolushoni, ngakhale anthu ambiri amaganiza choncho. Kumachokera ku bitireti, yomwe ndi kuchuluka kwa deta imene yapatsidwa ku sekondi iliyonse ya vidiyo, ndipo pafoni kapena pakompyuta imalembedwa ndi chizindikiro cha Mbps. Masamu ake ndi osavuta: bitireti ichulukitsidwe ndi masekondi, kenaka yankho ligawidwe ndi 8, ndipo zotsatira zake ndi mamegabaiti. Vidiyo ya ukwati ya ola limodzi yojambulidwa pafoni pa 1080p ndi bitireti ya 17 Mbps, yomwe mafoni ambiri amagwiritsa ntchito, ili ndi masekondi 3,600, choncho imakwana mamegabaiti 7,650. Fayilo yotere imakana kulowa pafulashi ya mtundu wa FAT32 ngakhale malo alipo, chifukwa fulashi yoteroyo silandira fayilo imodzi yopitirira magigabaiti 4. Kuitumiza pa intaneti kwa achibale kungathetse bando ya munthu kutumizako kusanathe.

Foni imajambula ndi bitireti yaikulu chifukwa ilibe nthawi yosinkhasinkha: iyenera kusunga chithunzi chilichonse nthawi yomweyo. Kompyuta ikapatsidwa vidiyo yomweyo ili ndi mpata woyerekeza zithunzi zotsatana n'kusunga zokhazo zimene zasintha. Abusa akamalalikira paguwa, khoma la kumbuyo kwawo silisintha, ndiye palibe chifukwa cholilembera maulendo 30 pa sekondi. Ntchito yosankha zosunga ndi zotaya imagwiridwa ndi kodeki. Kodeki ya H.264, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003, imaseweredwa ndi pafupifupi foni, kompyuta ndi wailesi yakanema iliyonse yamakono. Ya H.265 ya mu 2013 imatulutsa fayilo yocheperapo pa ubwino wofanana, koma imachedwa kupanga, ndipo zipangizo zakale zimaikana: mawu amamveka koma chithunzi osaoneka, kapena fayilo osatseguka n'komwe. Vidiyo yopita kwa anthu ambiri okhala ndi mafoni osiyanasiyana ndi bwino ikhale ya H.264 mu fayilo ya MP4.

Rezolushoni imabwera pamene bitireti yatsitsidwa. Deta yochepa ikagawidwa kwa mapikiselo ochuluka, aliyense amalandira zochepa, monga ufa wa kapu imodzi wothiridwa mumphika waukulu wamadzi umangopereka phala lamadzimadzi. N'chifukwa chake pa 2 Mbps vidiyo ya 720p nthawi zambiri imaoneka yoyera kuposa ya 1080p, ngakhale nambala ya inayo ndi yaikulu. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti vidiyoyo idzaonetsedwa pati. Yoonera pafoni, 720p imakwanira, ndipo maso a anthu ambiri sasiyanitsa ndi 1080p pagalasi laling'ono chotero. Yoonera pa wailesi yakanema yapabalaza kapena pa pulojekita ya kutchalitchi, 1080p ndiyo yoyenera. Ya 480p imathandiza pokhapokha chofunika ndi mawu ndipo bando ndi yochepa, koma ngati muvidiyomo muli zolemba zapabolodi kapena zapakompyuta, zilembo zing'onozing'ono zimafufutika ndipo phunziro lonse limaonongeka. Vidiyo ya zolemba isatsitsidwe rezolushoni. Imachepa bwino yokha chifukwa chithunzi chake sichisinthasintha.

Pulogalamu yaulere ya HandBrake imagwira ntchitoyi pakompyuta. Fayilo ikatsegulidwa, rezolushoni imasankhidwa pa `Dimensions`, ndipo kodeki ndi ubwino wa chithunzi zimasankhidwa pa `Video`. Pamenepo pali `Constant Quality` ndi nambala yotchedwa `RF`, yomwe ndi yofunika kuimvetsa kuposa zina zonse. Nambalayi ikakwera, fayilo imachepa ndipo chithunzi chimatsika ubwino. Pa H.264, nambala za pakati pa 20 ndi 23 zimapereka chithunzi chabwino pa 720p ndi 1080p, ndipo kuwonjezera 6 kumadula fayilo pafupifupi ndi theka. Ubwino wa njirayi ndi wakuti pulogalamu imapereka deta yambiri pamene anthu akuvina ndi yochepa pamene wina waima akulankhula, m'malo mogawa mofanana paliponse. Odziwa kulemba malamulo pakompyuta amachita zomwezo ndi FFmpeg:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -vf scale=-2:720 -c:v libx264 -crf 23 -preset slow -c:a aac -b:a 128k ukwati720.mp4
```

Apa `-crf 23` ndi nambala ya ubwino ija, ndipo `-preset slow` imauza kompyuta kuti ifatse, zomwe zimachepetsako fayilo popanda kutsitsa ubwino. Ngati vidiyo inajambulidwa foni itaimikidwa chilili, palembedwe `scale=720:-2`, apo ayi chithunzi chimatuluka chaching'ono kwambiri.

Vidiyo ya ukwati ija ikatsikira pa 720p n'kutuluka ndi bitireti ya 2.5 Mbps, kuphatikizapo mawu a 128 kbps, imakwana mamegabaiti pafupifupi 1,180, kutanthauza kuti yachepa kupitirira kasanu ndi kamodzi. Imalowa pafulashi iliyonse, ndipo ili pansi pa malire a magigabaiti 2 amene WhatsApp imalola fayilo ikatumizidwa ngati dokyumenti. Kukula kwenikweni kumadziwika ntchito ikatha, chifukwa kumadalira zimene zili m'chithunzimo. Mawu amatenga mamegabaiti 58 okha pa ola lonselo, choncho kuwafinya sikupulumutsa malo ambiri, pomwe kwaya ikamveka ngati ikuimbira m'chitini omvera amazindikira msanga.

Vidiyo yofinyidwa mopitirira muyeso imadziulula. Pelekani-pelekani ikafika pachimake, anthu ambiri akuyenda nthawi imodzi ndipo ndalama zikuuluka, chithunzi chimasweka kukhala timabokosi. Maluwa a pachitenje amasanduka utoto wopakika, tsitsi lolukidwa limataya mizere yake, ndipo thambo kapena khoma losalala limaoneka mizeremizere m'malo mosintha mtundu pang'onopang'ono. Zojambulidwa madzulo m'holo ya magetsi ochepa ndizo zovuta kwambiri, chifukwa kamera imadzaza mdima ndi timadontho tothothoka, ndipo kodeki imawononga deta poyesa kutisunga. Fyuluta ya `Denoise` mu HandBrake imachotsako timadonthoti. Pa chifukwa chimenechi, asanayambe kufinya ola lonse, munthu ayese kaye kachidutswa ka mphindi imodzi kochokera pamalo ovutawo, osati pamene mkwati ndi mkwatibwi angokhala phee, ndipo akaone pa chipangizo chimene anthu adzaonerepo. Timabokosi tikaoneka, `RF` itsitsidwe ndi 2 n'kuyesanso.

Zimene kodeki yataya sizibwereranso. Kukweza vidiyo ya 480p kukhala 1080p kumangokulitsa fayilo osabweza chilichonse, ndipo kufinya vidiyo yofinyidwa kale, monga yomwe yadutsa pa WhatsApp ngati vidiyo wamba, kumawonjezera zilema pa zilema. Kuika vidiyo mu ZIP nakonso sikuthandiza, poti deta yake inapanikizidwa kale. Kope iliyonse yatsopano ichokere ku fayilo yoyamba ya mu kamera, ndipo fayilo yoyambayo, ngati ndi ya mwambo wosabwerezeka, isungidwe pa hadidisiki ina. Ngati malo akakamiza kuti ifufutidwe, kope yosunga ikhale ya 1080p pa `RF` ya 20, ndipo ionedwe kaye kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti zitsimikizike kuti mawu ndi milomo zikuyendera limodzi.