Kamera ikasowa pa Zoom, musathamangire kugula intaneti

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta, chimandipweteka mtima ndi kuona mphunzitsi wa ku Furancungo kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Tsangano akukwera chitunda kusaka netiweki ya Movitel chifukwa Zoom kapena Teams yanena kuti kamera sikupezeka. Kamera ya pa lapitopu siyendera netiweki. Imalumikizidwa ndi kawaya kopyapyala kodutsa pa mahinji, ndipo kawirikawiri Windows imaitenga ngati chipangizo cha USB. Netiweki ikafooka chithunzi chimangodukaduka, koma kamera sisowa.

Ndiye tsekani pulogalamu ya msonkhanoyo, mutsegule Câmara, yomwe pa makina a Chingerezi ndi Camera. Mukaona nkhope yanu, kamera ili bwino ndipo vuto ndi chilolezo. Kuyambira 2018, Windows 10 imatha kumana kamera ngakhale mapulogalamu oikidwa ndi mwini makina. Pa Windows 11 pitani ku Definições, kenako Privacidade e segurança, kenako Câmara, muyatse mabatani onse, makamaka la pansi penipeni, lomwe ambiri saliona. Mukabwerera ku Zoom, onani kuti yasankha kamera yoyenera.

Mukaona mdima wokhawokha popanda uthenga, yang'anani kachitseko kotsetsereka pamwamba pa sikirini. Ma Lenovo ambiri ali nako.

Nkhani imakula pakatuluka nambala ya 0xA00F4244, kutanthauza kuti Windows yeniyeniyo sikuona kamera. Mayi wina wogwira ntchito za umoyo ku Macanga anandibweretsera makina otere atauzidwa kale kuti afufute zonse, aikenso Windows. Ndinadina batani la Windows pamodzi ndi R n'kulemba izi:

```
devmgmt.msc
```

Pa mndandanda wa zipangizo panalibe kamera. Ikanakhalapo ndi kachizindikiro kachikasu, ndikanachotsa dalaivala wake n'kuyatsanso makina kuti Windows imuike mwatsopano. Kusowa kotheratu kumaloza ku batani kapena ku waya. Ndinayamba ndi batani la chithunzi cha kamera pa mzere wa pamwamba, lomwe limadinidwa ndi Fn ndipo pa makina ena limazimitsiratu kamera. Sizinathandize. Kenako ndinaweramitsa sikirini pang'onopang'ono maso ali pa mndandanda uja. Kamera inatulukira, ndipo nditakankhiranso sikirini kumbuyo inasowa. Waya anali ataperepeseka pa hinji, zomwe sizidabwitsa pa lapitopu yakale yoyenda pa njinga yamoto m'misewu yathu ya mabampu. Akanaikanso Windows, akanaika malipoti awo pa chiswe kamera osabwerera.

Waya wotere amasinthidwa, koma sapezeka msanga kumudzi kuno. Podikira, kamera ya USB imagwira mukangoilumikiza, kapena lowani msonkhano pa foni. Chonde, wina akakuuzani kuti makina afufutidwe, mufunseni kaye ngati wayang'ana pa mndandanda wa zipangizo.